Ndalama yokonzera ngongole ndi inshulansi zikalowa m'ngongole, nazonso zimabereka

"Abale ndithandizeni. Ndinatenga ngongole ya K1,000,000 yobweza miyezi 12, anandiuza kuti chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pachaka. Koma papepala alemba kuti ngongole yanga ndi K1,060,000, akuti K40,000 ndi yokonzera ngongole, K20,000 ndi ya inshulansi. Ndiye kuti ndangoluza K60,000 yokhayo basi?"

Ayi achimwene, zapitirira pamenepo. K60,000 imeneyo simunalipire kuchokera m'thumba tsiku losaina lija, ndiye kuti anakubwerekani nayonso. Chiwongoladzanja sichisankha kuti iyi munaigwira m'manja, iyi simunaione. Chimawerengedwa pa ndalama yonse imene yalembedwa kuti ndi ngongole.

Tiyeni tiwerenge limodzi. 36 peresenti pachaka ndi 3 peresenti pamwezi. Ndikutenga kuti amawerengera pa ndalama yotsala, kutanthauza kuti mukamabweza, chiwongoladzanja nachonso chimanka chichepa. Ngongole ikanakhala K1,000,000 yeniyeni, bwenzi mukudulidwa pafupifupi K100,460 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja cha chaka chonse chikanakhala pafupifupi K205,500. Koma poti alemba K1,060,000, mukudulidwa pafupifupi K106,490 pamwezi, chiwongoladzanja n'kufika pafupifupi K217,900. Kusiyana kwake, K12,300 ndi kanthu, ndi chiwongoladzanja chimene chabadwa pa fizi ndi inshulansi zija. Choncho zimene munaziona ngati K60,000 zikudyerani zoposa K72,000.

Chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi ichi. Mu akaunti mwanu munalowa K1,000,000, ndipo pofika mwezi wa 12 mudzakhala mutabweza pafupifupi K1,277,900. Munthu amene walandira miliyoni imodzi n'kumabweza K106,490 mwezi ndi mwezi kwa chaka, kwenikweni akulipira pafupifupi 4 peresenti pamwezi, osati 3. Pachaka ndiye pafupifupi 48 peresenti. Amene anakuuzani 36 uja sananame, koma nambala yakeyo ndi ya ngongole ya papepala, osati ya ndalama imene munapita nayo kunyumba. N'chifukwa chake ine sindiona kuti n'chilungamo kulengeza peresenti yokha kwinaku fizi ili m'tizilembo tating'ono kumapeto kwa fomu. Wobwereketsa wa 40 peresenti wopanda fizi akhoza kukhala wotchipa kuposa wa 36 ameneyu.

Nthawi yobweza ikatalika, K60,000 ija imabereka kwambiri. Pa miyezi 36, ndi 3 peresenti yomweyo, yokha imabala chiwongoladzanja cha pafupifupi K39,000. Ndipo ngati amawerengera pa ndalama yoyambirira mwezi uliwonse osaona zimene mwabweza kale, ija amati fulati, m'chaka chimodzi chokha imabala K21,600 m'malo mwa K12,300. Kuti mudziwe njira imene agwiritsa, pemphani pepala losonyeza mabwezedwe a mwezi ndi mwezi. Ngati gawo la chiwongoladzanja silikutsika miyezi ikamapita, imeneyo ndi fulati.

Pamene anthu ambiri amapwetekera, makamaka ife odulidwa pamalipiro, ndi pa topu-apu. Mwabweza miyezi isanu, akukuimbirani kuti bwerani muwonjezere. Amatseka ngongole yakale n'kutsegula yatsopano, ndipo ena amawerengera fizi ndi inshulansi pa ngongole yatsopano yonseyo, osati pa ndalama yowonjezera yokha. Tinene kuti yatsopanoyo ndi K1,000,000, pomwe K600,000 yapita kukatseka yakale. Inu mwagwira K400,000 yokha, koma mwalembedwanso K60,000. Imeneyo ndi 15 peresenti ya ndalama imene mwalandira, chiwongoladzanja chisanayambe n'komwe. Komanso mu K600,000 muja mukadali kachigawo ka fizi yoyamba ija, ndiye fizi ikulipiritsidwa fizi inzake.

Inshulansi yokhayo sindikuinyoza. Nthawi zambiri imabweza ngongole yotsala wobwereka akamwalira kapena akalumala moti sangagwirenso ntchito, ndipo imapulumutsa amasiye ku chikumbutso cha ngongole ali pachisoni. Koma funsani kuti ikuteteza chiyani, chifukwa si zonse zimene zimalipira munthu akachotsedwa ntchito. Funsaninso ngati amabweza gawo la inshulansi ya miyezi yotsala mukatseka ngongole msanga. Uzaninso akunyumba kuti ilipo, apo ayi palibe adzakaitsate.

Poti mwasaina kale, kafunseni ngati mungalipire K60,000 yapadera panopa kuti itsitse ngongole yeniyeniyo, osati aiwerenge ngati malipiro a mwezi wamawa, komanso ngati pali chindapusa cha kubweza msanga. Akulembereni yankholo. Ngati fizi imeneyi mulibe m'mgwirizano umene munasaina, kadandauleni kaye kwa iwo eni mwa kalata, ndipo zikakanika pitani nayo nkhaniyo ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama olembetsedwa.