Malata akuda ku Salima

"Achimwene, mmisiri uja wa ku Salima watumiza chithunzi cha nyumba yathu: khoma loyera mbee, malata akuda ngati a ku Sandton kuno ku Joni. Kodi ikatha izidzaonekadi choncho? Nanga ndimuuze zotani?"

Ee achemwali, ndamva. Ndingolankhula, manja ali ndi simenti, sindingathe kulemba.

Chithunzicho ndi cha pa kompyuta, mulibe dzuwa, mulibe fumbi. Ndiyambe ndi malatawo poti ndi amene andidetsa nkhawa. Joni ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mu Juni mumadziwa mmene timazizidwira. Denga lakuda kuno munthu akhoza kulipirira. Salima ali pansi, m'mbali mwa nyanja, mamita 500 okha. Mu Okutobala lata lakuda limatentha loti simungaligwire ndi dzanja, ndipo kutenthako kumatsikira pamutu panu. Ana sagonamo masana. Muuzeni agule malata owala, oyera kapena osapentedwa, aike siling'i, asiyenso timipata pamwamba pa khoma lakunsonga kuti mpweya wotentha uzituluka.

Osapentedwawo mudziwiretu kuti kuphuliphuli kuja sikukhalitsa. Pakapita mvula ingapo amasanduka otuwa mbuu, ndipo limenelo si vuto ayi, ndi mmene amakalambira. Choyenera kuopa ndi dzimbiri, ndipo limayambira pamisomali, podula ndi polumikiza. Mukaona mizere yofiira ikutsika kuchokera pamsomali, apo ndiye payamba. N'chifukwa chake mum'funse geji, nambala ya kukhuthala kwa lata. Nambala ikachepa lata limakhuthala: 28 ndi wolimba kuposa 30, 32 ndi wopyapyala, munthu akapondapo amapindika. Msomali akhome pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. M'mbali alumikize nthiti imodzi ndi theka, asaumire.

Komanso masana muzidzamva denga likulira the, the, the. Musadzathamangire kwa sing'anga, ha! Chitsulo chikatenthedwa chimatalika. Lata la mamita 6, kutentha kukasintha ndi madigiri 40, limawonjezera pafupifupi mamilimita 3, ndiye limakhulana ndi misomali.

Tsopano pulasitala, apa ndi pamene amisiri amatidyera ife okhala kutali. Khoma lenileni silisalala ngati pachithunzi. Dzuwa lamadzulo likaliwomba cham'mbali mumaona timafunde ta dzanja la mmisiri, zimenezo n'zabwinobwino. Kunja ine ndimakonda losalaza ndi thabwa, limatsala lokhakhala pang'ono, penti imagwira. Losalaza ndi chitsulo mpaka kuwala lisiyireni m'kati, chifukwa padzuwa limachita timing'alu tating'ono tolukanalukana ngati ukonde.

Muuzeni ndi manambala, osati kungoti "mupange zolimba". Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, mawilibala awiri ndi theka a mchenga, osasefukira. Ameneyo ndi muyeso wa 1 kwa 5. Akafika mawilibala anayi, pulasitalayo mukhoza kumukanda ndi chikhadabo mchenga n'kumayoyoka. Kukhuthala kwake kukhale mamilimita 10 mpaka 15. Njerwa azinyowetse kaye, apo ayi zimamwa madzi onse a m'matope. Akatha, azithirira khoma m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Anthu amaganiza kuti simenti imalimba ndi dzuwa. Ayi, imalimba ndi madzi, ndipo ku Salima ikhoza kuuma tsiku lomwelo isanagwire.

Inu muli kuno, ndiye mutume mlamu akaone. Atenge kiyi, azigogoda khoma malo osiyanasiyana. Pomatirira bwino pamamveka gwa. Pomveka phophopho ngati chibwete ndiye kuti pulasitala walekana ndi njerwa, adzagwa, agumule pomwepo asanalandire ndalama yotsala. Penti adikire milungu inayi.

Zoyera mbee zija, munsi mwa khoma simukhala choncho. Madzi akugwa kudenga amathovukira dothi, khoma limadetsedwa mpaka m'mawondo. Denga lituluke masentimita 60, pansi mozungulira nyumba athire konkire, ndipo munsimo mupake penti yakuda kapena yofiirira monga amachitira kumudzi. Mukadzaona ufa woyera ngati mchere ukutuluka munsi, penti n'kumafundukuka, ndi chinyontho chochokera pansi. Choncho mum'funse panopa ngati anaika pepala lakuda lija lotchinga chinyontho pamwamba pa maziko, atumize chithunzi.

Konkire wapansi ndi wosavuta: simenti 1, mchenga 2, miyala 4, athire m'mawa kusanatenthe, afunditse masaka onyowa sabata yonse. Adzakhala wotuwa, mawangamawanga, pena poderako, si vuto. Koma mukamasesa n'kumatuluka fumbi la simenti tsiku ndi tsiku, anachulutsa madzi posakaniza.

Basi, abwana akundiyang'ana. Munditumizire mndandanda wa zogula uja ndiuone usiku musanatumize ndalama.