Ndibwereze mayeso kapena ndilowe kosi ya satifiketi?

"Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Zotsatira za mayeso omaliza sekondale zatuluka: Chingerezi ndi Bayoloje ndapeza makirediti, Kemisitiri ndangopasa, masamu ndalephera. Ine ndimafuna unamwino. Pali koleji ina yomwe ikuti inditenga pa satifiketi ya zaumoyo ya chaka chimodzi, ndiye kenako ndidzapitirize. Makolo akuti ndisatayenso chaka. Nditani?"

Achemwali, poti mwatchula unamwino, ine ndikuti bwerezani. Mukanatchula zamagetsi, zamahotela kapena zamalonda, mwina ndikanayankha mosiyana.

Unamwino ndi ntchito imene munthu sagwira asanalembetsedwe ndi bungwe loyang'anira anamwino. Bungwelo ndi limene limanena maphunziro a kusekondale amene munthu ayenera kukhoza asanayambe kosi, ndipo koleji singasinthe zimenezo pongofuna kudzaza kalasi. Tsono masamu amene mwalepherawo sachoka pa pepala lanu chifukwa choti mwatenga satifiketi ina. Ndinaphunzitsapo mtsikana wina amene anachita ndendende zimene mukuganizazi. Anamaliza satifiketi yake bwinobwino, koma atafunsira malo a dipuloma ya unamwino anamufunsa pepala la kusekondale, nabwezedwa. Anabwerezabe masamu omwewo, ali ndi zaka ziwiri chisiyireni kugwira buku la masamu, fizi ya satifiketi ija itapita kale.

Sindikunena kuti koleji imene yakuitanayo ikunama. Koma mawu akuti "mudzapitiriza" musawalandire apakamwa. Afunseni kuti kupitirizako ndi kupita ku kosi iti, ya koleji iti, ndipo akuonetseni polembedwa kuti omaliza satifiketi imeneyi amaloledwa kulowa unamwino opanda masamu. Afunseninso ngati kosiyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, chifukwa zimatheka koleji kukhala yolembetsedwa koma kosi ina m'kati mwake isanavomerezedwe. Akayamba kuzungulirazungulira, muzitengere nokha phunziro. Yankho lenileni lili ku bungwe la anamwino lomwelo, ndipo kufunsa kumeneko sikutenga tsiku lathunthu.

Kubwereza nako si kungobwerera m'kalasi. Musanalipire kalikonse, dziwani ngati makoleji amene mukufunawo amalola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri. Malamulo apa amasiyana: ena amalandira magiredi abwino kuchokera ku zaka ziwiri, ena amafuna zonse zituluke pa ulendo umodzi. Ngati amaphatikiza, ntchito yanu ndi maphunziro awiri okha, masamu ndi Kemisitiri, ndipo mungalembe ngati wapadera osavalanso yunifolomu. Ngati saphatikiza, muyenera kulembanso onse, kutanthauza kuti makirediti anu a Chingerezi ndi Bayoloje aja muyenera kuwapezanso. Ambiri amagwa pamenepa. Amathera chaka chonse pa phunziro limene analephera, ndiye likakwera limenelo, ena awiri atsika. Kwa Kemisitiri, ngati mayeso anu ali ndi pepala la m'labotale, onetsetsani kuti komwe mukalembetseko kuli labotale ndipo olemba apadera amaloledwa kulowamo kukayeserera. Funsaninso ngati silabasi ikusintha chaka chikubwerachi, ndi tsiku lotseka kulembetsa, chifukwa limafika miyezi yambiri mayeso asanayambe ndipo anthu amaliphonya akadali pa chisoni cha zotsatira.

Chachikulu kwa ine ndi kudziwa chifukwa chimene masamuwo anakukanirani. Munthu akabwereza mmene anawerengera poyamba, nthawi zambiri amabwera ndi giredi yomweyo. Sabata ino pezani pepala la mayeso a chaka china limene simunalionepo, khalani panokha, ikani wotchi pa nthawi yeniyeni ya pepalalo, mulembe osatsegula buku. Mukatha, mphunzitsi wa masamu akuchongereni mosakunyengererani. Malikisi amene mwapeza asakudetseni nkhawa kwambiri. Muyang'ane amene mwataya, ndi kumene apita.

Tiyerekeze kuti pa malikisi 100 mwapeza 34, mwataya 66. Mukawerenga bwino mukupeza kuti 30 apita pa mafunso amene simunawayambe n'komwe chifukwa mituyo simunaiphunzire, mwina mphunzitsi sanafikepo kapena munadwala teremu imeneyo. Ena 20 apita pa mafunso akumapeto amene nthawi inakutherani musanawafike. Otsala 16 ndi zolakwitsa zazing'ono, monga kuiwala chizindikiro chochotsera, kukopera nambala molakwika, kapena kulemba yankho lokha osaonetsa njira. Pepala lotere limandisangalatsa, chifukwa pafupifupi zonsezi zimakonzeka. Mitu yosaphunziridwa ikakhala isanu kapena isanu ndi umodzi, kupatsa uliwonse masabata atatu kungakutengereni pafupifupi miyezi inayi basi. Nthawi imakonzeka polemba pepala lathunthu ndi wotchi sabata iliyonse m'miyezi yomaliza. Mutangobweza theka la malikisi otayikawo, 33, muli pa 67. Apo kubwereza n'kwanzeru ndithu.

Koma pepala lingathenso kunena zina. Ngati mwayesa funso lililonse, nthawi inakukwanirani, mituyo munaiphunzira yonse, koma mukulakwitsa pa mafulakishoni, pa manambala okhala ndi chochotsera, ndi posamutsa chilembo kuchoka mbali ina ya ikwezhoni kupita inayo, ndiye kuti vuto lili pa maziko a m'makalasi oyambirira. Limeneli silitha ndi kalasi ya obwereza 80 imene mphunzitsi akuthamangitsa silabasi ya chaka chomaliza. Limafuna munthu wokhala nanu pafupi miyezi iwiri kapena itatu pa mabuku a makalasi apansi, musanagwirenso mapepala akale. Ambiri amachita manyazi kutsegula buku la Fomu 1, koma unamwino womwe mukuufunawo uli ndi kuwerengetsa mlingo wa mankhwala potengera kulemera kwa wodwala ndi madontho a diripi pa mphindi, ndipo zonsezo ndi mafulakishoni ndi magawo omwewo. Ngati munthu wotere simungamupeze, kapena pakhomo simungapeze maola awiri atsiku ndi tsiku opanda ntchito zina, pamenepo ndi pomwe ndingaganizirenso za kosi ina imene sifuna masamu, yokhala ndi makwerero olembedwa kuchoka pa satifiketi kupita ku dipuloma. Njira imeneyo ndi yabwino, bola muilowe mukudziwa kuti ikupita ku ntchito ina osati unamwino.

Ena pagulu pano anena kuti muchite zonse ziwiri nthawi imodzi. Zimatheka ngati mukubwereza phunziro limodzi lokha ndipo vuto lake ndi la mtundu woyamba uja. Inu muli ndi awiri, limodzi la labotale, ndipo kosi ya zaumoyo imakhala ndi masabata ogwira ntchito kuchipatala amene angagwere nthawi yomwe mukufunika kukonzekera mayeso. Sindingakulimbikitseni.

Kwa makolo, musapite ndi mawu akuti "ndikufuna kubwereza" okha, chifukwa iwo akumva chaka chotayika ndi ndalama. Pitani ndi zinthu zitatu m'manja: pepala la zofunika polowa unamwino, yankho lolembedwa la koleji ija ngati akupatsani, ndi pepala la masamu lochongedwa lija loonetsa komwe malikisi anapita. Mukalemba pepalalo, tumizani pano mmene malikisi otayikawo agawikira, tidzaone limodzi kuti muyambire mutu uti.