Ukawasinthanitsa, chasintha n'chiyani?

"Aphungu, ndatumiza chithunzi cha funso ili: pa ophunzira 8, tisankhepo 3 okaimira sukulu pa mpikisano wa mafunso, pali njira zingati? Ine ndapeza 336, mnzanga 56. Bambo akuti ndidzakhale injiniya basi, koma masamuwa akundizunguza mutu. Ingondiuzani batani loti ndizidina pa kakyuleta." — Mnyamata wa Fomu 4, Kasungu

Mnzakoyo walondola, mwana wanga. Koma zongopempha batanizi zandikwana. Ambirinu mumajambula funso musanaliwerenge n'komwe, kenaka n'kumayembekeza yankho.

Tiyambe ndi 336 wakoyo. Munthu woyamba ungamusankhe pa anthu 8, wachiwiri pa 7 otsala, wachitatu pa 6. Ndiye 8 × 7 × 6 = 336, zomwenso batani la nPr limapereka.

Tsopano tenga atatu: Tadala, Mphatso ndi Chisomo. Sinthanitsa maina awo, uyambe ndi Chisomo. Kodi okwera minibasi kupita ku mpikisano asintha? Ayi, ndi omwewo. Koma mu 336 muja gulu limeneli waliwerenga kambirimbiri, chifukwa anthu atatu angandandalikidwe m'njira 3 × 2 × 1 = 6. Gulu lililonse lalowamo ka 6, choncho gawa: 336 ÷ 6 = 56. Imeneyo ndiye ntchito ya nCr. Ena amagawa ndi 3 poti anthu ndi atatu, n'kupeza 112. Cholakwa chimenechi n'chofala kwambiri.

Funsolo likanati pakufunika wapampando, mlembi ndi msungichuma, bwenzi 336 ali yankho. Tadala akachoka pampando n'kukasunga ndalama, komiti yasintha ngakhale nkhope zili zomwezo. Usadalire mawu akuti "sankha", poti ngakhale maudindo timasankha. Sinthanitsa awiri, uone ngati chotuluka chasintha.

M'munsi mwa chithunzi chako muli gawo (b) lomwe sunalitchule: mwa atatuwo, mmodzi akhale mtsogoleri. Apa batani limodzi silikwanira, chifukwa mpando umodzi uli ndi dzina, iwiri ilibe. Magulu alipo 56, ndipo gulu lililonse lingapereke utsogoleri kwa aliyense mwa atatu: 56 × 3 = 168. Tsimikiza podzera kwina. Yamba ndi mtsogoleri, njira 8. Pa 7 otsala tengapo awiri: 7 × 6 ÷ 2 = 21. Ndipo 8 × 21 = 168. Njira ziwiri zikasiyana mayankho, dziwa kuti pena wawerenga gulu kawiri.

Za uinjiniya, bambo ako adziwe kuti kukakamiza sikukhozetsa masamu, ndipo maphunziro amenewo samupirira woloweza mabatani. Komabe amene wafika pa 336 yekha ndiye kuti mutu ulipo. Usiku uno tenga anthu 4, A, B, C ndi D, ulembe pamanja magulu onse a awiri. Ukapeza 12 m'malo mwa 6, funafuna pomwe walemba AB ndi BA.