Muyezo wa ngongole ulembedwe m'manambala

"Achimwene, ndine mlembi wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Mnyamata wotipangira pulogalamu wandibwezera chikalata, akuti zimene ndalemba n'zosayeseka. Ndinalemba kuti ikhale yachangu, yosalakwitsa, isamapereke ngongole yopyola muyezo. Ndalakwa pati?"

Achemwali, musamukwiyire mnyamatayo, wakuchitirani zabwino. Tsiku lolandira ntchito mudzakhala naye pa kompyuta, ndipo chiganizo chilichonse m'chikalatamo chidzafuna yankho limodzi: yakhoza kapena yalephera. Nanga muyezowo ndi uti? Inu mukuudziwa, iye sakuudziwa, ndiye adzangoganiza wake.

Tiyerekeze kuti malamulo anu amalola munthu kukongola katatu pa masheya ake. Lembani chonchi, ndi nambala yake yoti muziitchula pokambirana:

NG-01: Membala akapempha ngongole yoposa masheya ake kuchulukitsa ndi 3, pulogalamu ikane, isalembe kanthu m'kaundula wa ngongole, ndipo ionetse ndalama zimene akuloledwa.

Tsopano n'zoyeseka. Mayi wa masheya a K50,000 apemphe K150,000: ivomere. Apemphe K150,001: ikane, ionetse K150,000, ndipo mukatsegula kaundula musapezemo mzere watsopano. Yesani pamalire penipeni. Wopanga akalemba `<` pamene pamafunika `<=`, pulogalamu idzavomera K100,000 bwinobwino koma idzakana K150,000 yeniyeniyo, ndipo mudzazindikira tsiku limene mayi uja akudandaula pamsonkhano.

Mukangolemba manambala, mafunso obisika amatulukira okha. Bwanji ngati mayiyo ali kale ndi ngongole ya K40,000? Akuloledwa K110,000, kapena ayambe wabweza kaye? Funso ili si la mnyamatayo ayi. Pitani nalo kukomiti, chimene agwirizane chikhale NG-02. Musachiphatikize ku NG-01, chifukwa ziwiri zikakhala m'chiganizo chimodzi, china chikakhoza china n'kulephera, mumasowa cholemba.

"Yosalakwitsa" ndi mawu amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Gulu lina limene ndinathandizapo, msungichuma analowetsa K20,000 yobweza, netiweki n'kuduka. Poona kuti palibe chaoneka, anadinanso. Ndalama zinalembedwa kawiri, ndipo anthu anakhala mpaka kuda akuwerenga za m'bokosi, wina akuyang'ana mnzake ndi diso lokayikira. M'chikalata munalibe chiganizo choletsa zimenezi, ndipo amene ndinachiiwala ndine. Masiku ano sindichisiya: malipiro a nambala ya lisiti imodzi akatumizidwa kawiri, alembedwe kamodzi. Poyesa, lowetsani lisiti ya K20,000, zimitsani intaneti ili mkati motumiza, yatsani, tumizaninso. Ngongole ya K150,000 itsike kufika pa K130,000, osati K110,000.

Za changu n'zosavuta. Tchulani ntchito yake, nthawi ndi chipangizo: tsamba la membala litseguke pasanathe masekondi 3, m'kaundula muli anthu 500, pa foni yomwe msungichuma wanu amagwiritsa ntchito. Foniyo itchulidwe ndithu, chifukwa pa laputopu ya mnyamatayo chilichonse chimathamanga.

Ziganizozi mukamaliza, mupatseni msungichuma aziwerenge yekha, inu musanene kanthu. Pamene adzaime n'kufunsa kuti "apa mukutanthauzanji?", lembaninso pamenepo musanabweze chikalatacho kwa mnyamata uja.