Zoti mukafunse pokambirana ndi a misonkho nkhani isanafike kukhoti

"A bungwe lotolera misonkho andiwonjezera msonkho, akuti ndinabisa ndalama zina za malonda. Ndinakana, ndiye andiitanira ku msonkhano woti tikambirane nkhaniyi isanapite kukhoti la misonkho. Ndikafunse zotani kumeneko?"

Musanatsegule n'komwe fayilo yanu, funsani za masiku. Kodi zokambiranazi zaimitsa nthawi yochitira apilo, kapena masiku akuwerengedwabe? M'mayiko ambiri nthawiyi ndi yochepa, kawirikawiri masiku 30, ndipo kukambirana pakokha sikuiimitsa ayi. Akanena kuti yaima, apempheni alembe pa pepala. Akazengereza, kaperekeni apilo yanu, zokambirana zizichitika apiloyo ili kale m'kaundula wa khoti.

Funsaninso ngati zomwe munganene m'chipindamo angadzazitulutse kukhoti mukalephera kumvana. Musavomere kanthu yankho lake musanalimve.

Kenako pafike funso lalikulu: chiwerengerochi mwachipeza bwanji? Musakhutire ndi nambala imodzi ya pansi pa kalata, apempheni akuonetseni mmene anawerengera, mzere ndi mzere, ndi gawo la lamulo lomwe atsamira. Tiyerekeze kuti munalemba malonda a 36 miliyoni, iwo n'kupeza kuti muakaunti yanu ya kubanki munalowa 48 miliyoni. Atenga 12 miliyoni yotsalayo ngati phindu lobisidwa, ndipo ngati msonkho uli 30 pa 100 iliyonse, akufuna 3.6 miliyoni. Afunseni kuti ndi ndalama ziti zenizeni, zolowa pa madeti ati, zomwe akuzitcha malonda. Mwina mupeza kuti 7 miliyoni inali ngongole, ndipo 3 miliyoni munangoisamutsa kuchoka kuakaunti yanu ina. Yatsala 2 miliyoni, msonkho wake 600,000. Apa ndiye funsani kuti, "Ndi umboni uti womwe mungaulandire?" Pa ngongole amafuna chikalata cha mgwirizano ndi umboni woti mukubweza. Pa ndalama yosamutsa amafuna masitetimenti a maakaunti onse awiri oonetsa deti ndi ndalama zofanana. Mawu apakamwa sapita patali, chifukwa nthawi zambiri udindo wosonyeza kuti msonkho walakwika umakhala pa inu wokhoma.

Chindapusa muchifunse pachokha. Kodi akuti munalakwitsa mosasamala, kapena munabisa dala? Ziwirizi zimasiyana kwambiri kukula kwake, ndipo pa zoti munachita dala, kawirikawiri ndi iwo oyenera kubweretsa umboni. Chiwongoladzanja nacho nthawi zambiri chimakwerabe mukukambirana, choncho funsani ngati mungalipiretu 600,000 yosatsutsikayo popanda kuoneka kuti mwavomera zonse.

Musanadzuke, funsani amene ali ndi mphamvu yovomereza zomwe mwagwirizana. Ngati pamsonkhanopo pali mkhalapakati, iye sagamula, amangothandiza kuti mumvane, ndipo ofisala amene mwakhala naye mwina ayenera kukapempha chilolezo kwa akuluakulu ake. Pemphani kuti mfundo zomwe mwamvana ndi zomwe zatsala zilembedwe, mbali zonse zisayine, kuti kukhoti kukapite zotsalazo zokha.