Ndadilita pakeji pa npm, kodi pasiwedi yanga yabisika?

"Abale thandizeni. Lachiwiri madzulo ndinakweza pakeji yanga `lodge-sms` pa npm, veshoni 1.0.3, yotumizira mameseji kwa alendo a loji ina kuno ku Mangochi. Lero Lachinayi ndaona kuti fayilo ya `.env` inalowa momwemo, muli kiyi ya mameseji ndi pasiwedi ya detabesi. Ndikaichotsa pa npm ndiye kuti zatha? Komanso abwana a lojiyo ndiwauze bwanji?"

Achimwene, siyani kaye za npm. Tsegulani akaunti ya kampani imene mumagulako mameseji, pangani kiyi yatsopano, ndipo yakaleyo muithetseretu. Ndikunena zothetsa chifukwa ambiri amapanga yatsopano n'kusiya yakale ikugwirabe ntchito pambali, zomwe sizithandiza chilichonse. Kenako sinthani pasiwedi ya detabesi, muike zatsopanozo pa seva ya lojiyo, muyese ngati meseji ikupita. Mukatero ndiye mubwerere ku npm. Amene angakuuzeni kuti "ingodilitani basi" mwina sanaonepo akaunti ikudyedwa usiku.

Ine ndinaziona kwa mnyamata wina amene ndinkagwira naye ntchito ya loji ina cha ku Monkey Bay. Nkhani yake ndi yomweyi, kiyi ya mameseji inalowa m'pakeji. Anazindikira tsiku lomwelo, anachotsa pakeji yonse, tsamba lake pa npm linasowa, iye n'kukagona mtima uli m'malo. Kiyi sanasinthe poti ankaona ngati chinthu chafufutika. Patapita masiku ochepa mwini loji anaimba kuti alendo sakulandira mauthenga otsimikizira zipinda. Titalowa mu akaunti tinapeza mayunitsi a ndalama pafupifupi K200,000 atatheratu, atumizidwa ku manambala akunja amene palibe ankawadziwa, ambiri pakati pa usiku. Mpaka lero sindikhulupirira kuchotsa pakeji ngati njira yobisira chinsinsi.

Chomwe chimachitika n'chakuti mukangolemba `npm publish`, npm imalengeza poyera kuti kwabwera veshoni yatsopano, ndipo pali makompyuta ambiri padziko amene ntchito yawo ndi kungomvetsera zimenezo. Ena ndi a makampani ofufuza mapulogalamu oipa, ena ndi osunga makope kuti anthu a dera lawo azikopa mwachangu, monga `registry.npmmirror.com` ya ku China, ndiye pali ena a akuba amene amatsegula pakeji iliyonse yatsopano kufunafuna makiyi. Onsewa amatenga fayilo ya `.tgz` yonse, osadikira kuti munthu aifune. N'chifukwa chake pakeji imene simunauzeko aliyense imaonetsa kuti yakopedwa kambirimbiri tsiku loyamba lomwelo. Musasangalale nayo nambala imeneyo, si makasitomala. Ndipo poti yanu yakhala poyera kuyambira Lachiwiri, ingotengani kuti `.env` ija wina ali nayo kale. Zili ngati meseji ya pagulu la WhatsApp imene mwaifufuta anthu ataitumiza kale kumagulu ena: yasowa pomwe mukuyang'ana inu pokha.

Lamulo la `npm unpublish` limagwira pa `registry.npmjs.org` basi. Kwina kumene kuli makope aliyense ali ndi malamulo ake. jsDelivr, imene imapereka mafayilo a mapakeji a npm ku mawebusayiti, imanena yokha kuti fayilo ikangopemphedwa kamodzi imaisunga mpaka kalekale, ngakhale mwini wake aichotse ku npm. Amachita dala kuti mawebusayiti a anthu asamafe. Makampani ambiri nawonso ali ndi seva yawo yapakati, monga Verdaccio, Nexus kapena Artifactory, imene imasunga pakeji iliyonse imene wantchito wawo anakopapo, ndipo kumeneko inu simungafikeko ngakhale pang'ono. Kuwonjezera apo, aliyense amene analemba `npm install lodge-sms` masiku awiriwa ali nayo mu `node_modules` komanso mu `~/.npm/_cacache` pa kompyuta yake. Seva ya lojiyo nayonso ili nayo.

Chenjezo limodzi apa: musapite pa jsDelivr kukatsegula mafayilo a 1.0.3 kuti muone ngati alipo musanaichotse ku npm. Ngati panalibe amene anawapempha, pempho lanulo ndi limene liwakokere kumeneko n'kusungidwa.

Sindikuti musachotse ayi. Chotsani, kuti amene abwere mawa asaipeze mosavuta. Koma nthawi ikuthamanga. Lamulo la npm ndi lakuti mkati mwa maola 72 kuchokera pamene munakweza, mukhoza kuchotsa bola pasakhale pakeji ina ya pa npm imene ikudalira yanuyo. Maola 72 akadutsa amaonjezera zina: pakeji ikhale yakopedwa kosakwana ka 300 m'sabata yapitayo, ndipo mwini wake akhale mmodzi yekha. Inu munakweza Lachiwiri madzulo, ndiye malire anu ndi mawa Lachisanu madzulo. Kuti mudziwe ola lenileni lembani `npm view lodge-sms time`, koma nthawi imene ionetse ndi ya UTC, muonjezerepo maola awiri kuti ikhale ya kuno. Musadikire mawa, magetsi akathima tsiku lonse mudzalira.

Malamulo amenewa anabwera chifukwa cha zimene zinachitika mu Malichi 2016. Azer Koçulu atakangana ndi kampani ya Kik komanso a npm pa dzina la pakeji, anachotsa mapakeji ake onse, oposa 250. Mwa amenewo munali `left-pad`, ya mizere 11 yokha, koma mapulojekiti akuluakulu monga Babel ankaidalira, ndipo ntchito za anthu masauzande zinaima tsiku limenelo. A npm anaibwezeretsa okha mwini wake asanavomere. Apo pali phunziro lina kwa inu: ngakhale npm yeniyeniyo inali nalo kope la chinthu chimene chinali "chitachotsedwa".

Ndondomeko imene ndingatsate ine ndi iyi. Yambani mwakonza chimene chinalowetsa `.env`. Ndikhoza kubetcha kuti muli ndi fayilo ya `.npmignore` m'foda yanu. Anthu ambiri sadziwa kuti ikakhalapo, npm imasiya kuwerenga `.gitignore` ya m'foda imeneyo, ndiye `.env` imene munaibisa bwinobwino kwa git imalowa m'pakeji. npm payokha imasiya `.git`, `.npmrc` ndi `node_modules`, koma `.env` ayi. Njira yabwino ndi kutchula zokhazo zimene mukufuna zipite, mu `package.json`:

```json
"files": ["dist"]
```

Kenako onani mndandanda wa zimene zipite musanakweze, kwezani 1.0.4 yoyera, ndipo pomaliza chotsani yoipayo:

```
npm pack --dry-run
npm version patch --no-git-tag-version
npm publish
npm unpublish lodge-sms@1.0.3
```

Werengani mzere uliwonse umene `npm pack --dry-run` ionetse. Ngati `.env` ikuonekabe, kapena fayilo ina ya zoikamo imene munalembamo kiyi pamanja mkati mwa `dist`, musapitirire. Muonenso 1.0.0, 1.0.1 ndi 1.0.2, chifukwa ngati `.npmignore` ija inalipo kuyambira pachiyambi, mwina zonsezo zili ndi `.env` momwemo. Lembani `npm pack lodge-sms@1.0.2`, ikubweretserani `.tgz` yake, muitsegule muone ndi maso anu. Ngati zakalezo zili ndi chinsinsi ndipo zinadutsa kale maola 72, ndiye kuti muyesedwa ndi malamulo ovuta aja.

Onetsetsani kuti mwalemba `@1.0.3` kumapeto. Wina akhoza kukupatsani `npm unpublish lodge-sms --force`, limenelo limachotsa pakeji yonse, maveshoni onse, ndipo simungakwezenso kanthu pa dzina limenelo mpaka patadutsa maola 24. Tsiku lonse limenelo seva ya loji ikafuna kukopanso pakeji ipeza palibe. Dziwaninso kuti nambala ya 1.0.3 yapita mpaka muyaya. npm salola kukwezanso dzina ndi veshoni yomweyo ngakhale mutaichotsa, ndiye zoti mukonze n'kuibwezera pa 1.0.3 iwalani.

Palinso msampha wina umene umagwira anthu patapita sabata. `package-lock.json` ya pulogalamu ya lojiyo inalemba 1.0.3 ndi adiresi yake yeniyeni. Pa laputopu yanu zonse ziziyenda chifukwa kope lili m'kompyutamo, koma tsiku limene mudzalembe `npm ci` pa seva yatsopano mudzalandira 404 n'kumadabwa. Ndiye mukangokweza 1.0.4, pitani ku pulogalamu ya loji mulembe `npm install lodge-sms@1.0.4` ndipo `package-lock.json` yatsopanoyo muisunge mu git.

Ngati npm yakana kuchotsa poti pali wina akudalira pakeji yanu, chotsala ndi kuika chenjezo:

```
npm deprecate lodge-sms@1.0.3 "Musagwiritse ntchito, tengani 1.0.4"
```

Izi sizichotsa fayilo iliyonse, zimangoonetsa uthengawo kwa amene akukopa. Ndipo chonde musalembe mu uthengamo kuti muli pasiwedi, kumeneko ndi kuitana akuba ndi chimkuzamawu. Mukhozanso kulembera a npm kudzera pa tsamba lawo lothandizira anthu, koma musaimike kusintha makiyi podikira yankho lawo.

Kuti mudziwe ngati wina walowa kale, musayang'ane pa npm, simupezapo kanthu. Yang'anani mbiri ya mameseji otumizidwa kuyambira Lachiwiri madzulo: manambala osayamba ndi +265, mauthenga ochuluka nthawi imodzi, kapena otumizidwa usiku pamene ku loji kulibe akusungitsa chipinda. Ku detabesi onani ma adiresi a makompyuta amene analumikiza, ndi ngati pali akaunti yatsopano imene simunapange inu. Ngati detabesiyo imalola aliyense wa pa intaneti kulumikiza, itsekeni kuti izilola seva ya loji yokha. Mmenemo muli maina ndi manambala a foni a alendo, mwina ndi manambala a mapasipoti a azungu opita ku Cape Maclear, zimenezo n'zolemera kuposa mayunitsi. Ndipo ngati pasiwedi yomweyo mumaigwiritsanso ntchito pa imelo kapena pa GitHub, sinthaninso kumeneko lero.

China chapambali: pakeji yotumikira loji imodzi sinafunike kukhala poyera n'komwe. Mapakeji obisika pa npm amalipiritsa madola pafupifupi 7 pamwezi, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kulipira pa khadi, ine sindingakulimbikitseni. Isungeni mu GitHub yobisika, imeneyo ndi yaulere, muziikoka kuchokera kumeneko. Mu `package.json` muikemo `"private": true`, npm izikana yokha mukalemba `npm publish` mwangozi.