Pulopozo ya masamba 28 ikwane bwanji patsamba limodzi?

"Abale, ndalemba pulopozo ya masamba 28 ya bizinesi yanga yoika uchi m'mabotolo kuno ku Luwinga. Ndikupempha ngongole ya K12 miliyoni. Kubanki akuti pamwamba pakhale chidule cha tsamba limodzi, koma ndadula mpaka ndatopa, zikukanira pa masamba anayi. Nditani?"

Achemwali, zikukanira chifukwa mukutapa pang'ono m'mutu uliwonse kuti pasakhale wotsalira. Tsekani pulopozoyo, mutenge pepala lina, mulembe ngati mwakhala pamaso pa wopereka ngongoleyo ndipo wakufunsani kuti, "Mukufuna zingati, muchita nazo chiyani, mubweza bwanji?"

Yankho la mafunso atatuwo ndiye ndime yoyamba. Ambiri amayamba ndi mbiri yawo, pempho n'kukabisala kumunsi, pomwe wowerengayo ali ndi mulu wa mafayilo patebulo. Ndiika manambala ongoyerekeza, inu muikepo anu: "Tikupempha K12 miliyoni. K7 miliyoni tigulira makina osefera ndi kuthira uchi, K5 miliyoni tigulira uchi kwa alimi a ku Nkhata Bay nthawi yokolola. Pano timagulitsa mabotolo 600 pamwezi, makinawa atifikitsa pa 1,500. Botolo lililonse limatisiyira K1,200 tikachotsa zonse, choncho pamwezi pazitsala K1.8 miliyoni, ndipo tizibweza K700,000 kwa miyezi 24." Taonani, theka la ntchito latha m'mizere yochepa.

Funso lomwe libwere m'mutu mwake ndi lakuti mabotolo 900 owonjezerawo agula ndani. Apa ndi pomwe muyenera kupereka malo ambiri. Musalembe kuti anthu a mu Mzuzu amakonda uchi. Zimenezo si umboni. Lembani kuti ndi mashopu angati omwe amakuodani kale, ndi maoda angati omwe munawabweza chifukwa katundu anakutherani. Ngati pali wogula yemwe anakulemberani kalata yolonjeza, mutchuleni, muonetse tsamba lomwe kalatayo ili. Ngati muli ndi chiphaso cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, chionekere pomwepo, chifukwa mashopu akuluakulu amachifunsa.

Kenako mzere umodzi wa inuyo ndi zaka zomwe mwachita bizinesiyi, wina wa chikole. Ine ndingaikenso vuto limodzi lalikulu, monga kuchepa kwa uchi nyengo ikavuta, ndi momwe mwakonzekera. Wakubanki amalidziwa kale vutolo, ndiye mukalibisa amayamba kukayikira zinanso.

Masomphenya, ubwino wa uchi m'thupi ndi mayina a antchito zikhale m'kati mwa pulopozo. Musachepetsenso zilembo kuti zikwane. Mawu pafupifupi 350 ndi okwanira.

Mukamaliza, nambala iliyonse muifananize ndi ya mu bajeti, poti chidule chikati K7 miliyoni pomwe kotesheni ikunena K7.6 miliyoni, fayilo imabwerera. Mupatsenso munthu wosadziwa bizinesi yanu awerenge kamodzi, mulande pepalalo, mumufunse ndalama zomwe mukupempha ndi momwe mubwezere. Akadodoma, ndime yoyamba muilembenso.